Bokosi la batire

Bambo atapuma ntchito ku mgodi wa ku Penhalonga, nyumba ya kampani tinabweza. Tinasamukira ku Zimunya, pa kamalo kamene amuna awo a amayi aang'ono anatipezera. Apo nkuti patapita zaka zingapo dziko lino litalandira ufulu. Ine ndinkataipa makalata pa ofesi ina mu Mutare, ndipo kunyumba ndinkapita Loweruka.

Bambo anabadwira ku Malawi, nabwera kuno ali mnyamata. Moyo wawo wonse ankati akupita kwawo chaka chamawa. Sanabzalepo mtengo wa zipatso, ngakhale nyumba ya ku Zimunya anakana kuipaka pulasitala. Pansi pa bedi panali bokosi lamatabwa lokhala ndi loko, momwe munali suti, mabulangete awiri atsopano ndi nsalu za alongo awo, amene mwina anali atamwalira kale. Amayi anabadwira pa famu kuno konkuno, ndipo ku Malawiko sanapondeko. Anali atanena poyera kuti bambo akapita, apita okha. Ndalama za penshoni zitatuluka, tonse tinadziwa kuti chaka chamawa chija chafika.

Ndiye tinadabwa bambo atanena kuti akufuna magetsi a dzuwa. Anawaona pa kachipatala ka mishoni, ndipo anali atafunsa kale kumene kuli kampani imene inawaika.

"Mukufuna kuwaika pano?" anafunsa amayi.

"Tiyambe tawaika pano. Popita ndinyamula, akaone kumudzi kuti sindinkasewera kuno."

Amayi anapitiriza kutongola chimanga.

Bambo anapita okha ku kampaniko, nabwerako ndi kapepala kolembedwa mtengo umodzi wa zonse. Ine ntchito yanga inali itandiphunzitsa kusakhulupirira kapepala kotero. Ndinawauza kuti tilembe kalata yopempha mtengo wa chinthu chilichonse pachokha. Iwo anakana. Anati bambo amene anamupeza ku kampaniko anawapatsa mpando ndi tiyi, ndiye kumufunsa mtengo wa waya ndi kumuyesa wakuba.

"Safunsa anadya phula, bambo," ndinatero.

"Iwe miyambi unaidziwa liti, Chichewa chako chopindikachi?"

Komabe analola, malinga kalatayo iyambe ndi moni. Anandiuza kuti ndifunse za moyo wa bamboyo, wa akazi ake ndi wa ana, kenako ndinene kuti ife tili bwino kupatula mwendo wa amayi. Ndinavomera ndi mutu, koma pa taipi za mwendozo ndinazisiya.

Kalatayo ndinailemba m'Chingerezi nthawi ya nkhomaliro. Ndinapempha kuti atiuze panelo yake ndi ya mawati angati, yapangidwa ndi kampani iti, ndipo yachokera dziko liti. Pa batire ndinafunsa kukula kwake, komanso ngati ili yopangira magetsi a dzuwa kapena ya galimoto wamba, chifukwa mnzanga wina ku ofesi anandichenjeza kuti ya galimoto sichedwa kufa ukamaikhetsa moto tsiku ndi tsiku. Ndinafunsa za leguleta, kabokosi kamene kamateteza batire kuti isadzaze mopitirira kapena kutheratu. Ndinafunsanso nyale zingati, waya wonenepa bwanji, mafyuzi, zitsulo zogwira panelo, mtengo wa ntchito ndi wa ulendo. Pomaliza ndinapempha galanti ya chilichonse: zaka zingati, ndipo chikawonongeka tikadandaule kwa yani.

Funso limodzi linali la bambo. Anandiumiriza kuti ndilembe ngati zinthuzo zingazulidwe n'kupita nazo ku Malawi. Ndinalilemba monyinyirika. Kunena zoona, sindinkafuna kuti yankho likhale inde.

Yankho linabwera pa mapepala awiri, ndipo ndinawawerengera bambo ndi amayi pakhonde ndikumasulira. Panelo inali ya mawati makumi asanu, yochokera kunja, galanti zaka khumi. Batire inali yopangidwa kuno, galanti chaka chimodzi, ndipo inkafuna kuthiridwa madzi ake a m'botolo, osati a pachitsime. Leguleta chaka chimodzinso. Nyale zinali zitatu za machubu aang'ono. Panelo inayenera kuyang'ana kumpoto, mopendekeka, pamalo opanda mthunzi. Panalinso mzere wa bokosi losungiramo batire, lamatabwa, lokhala ndi mabowo oti mpweya wa batire uzitulukira. Mitengoyo anati ikhala choncho kwa mwezi umodzi wokha, poti katundu wakunja ankavuta kupeza masiku amenewo.

Funso la bambo analiyankha kumapeto. Anati zinthuzo zikagulidwa ndi zathu, tikhoza kupita nazo kulikonse. Koma galanti yonse imadzera kwa iwo, ndipo imagwira ntchito pokhapokha ataika okha, panelo itamangidwa ndi mabawuti pa denga. Wina akaizula, kapena ikatuluka m'dziko, iwo alibenso nayo kanthu.

"Werenganso pa zaka paja," anatero bambo.

"Khumi."

"Ili padenga pano?"

"Ili padenga pano."

Amayi anaseka pang'ono. "Chinthu chikulonjeza kukhala zaka khumi. Ine mwamuna wanga sanandilonjezepo ngakhale ziwiri."

Bambo anatenga mapepalawo, ngakhale Chingerezi ankachiwerenga movutikira, n'kulowa nawo m'nyumba. Ine ndinabwerera ku tauni Lamulungu osadziwa chimene aganiza. Sabata imeneyo ndinkalakwitsa makalata a abwana anga, chifukwa ndinali ndi mantha. Ndinkadziwa kuti bambo si munthu wogula chinthu chodula n'kutaya galanti yake. Wailesi yawo inafa kalekale, koma pepala lake la galanti anali nalobe. Choncho zinali ziwiri: kusiya magetsiwo n'kugula tikiti, kapena kuwagula n'kukhala.

Loweruka lotsatira ndinawapeza atandidikirira pa siteji ya basi, mapepala ali m'thumba la jekete. Anati ndilembe kalata yovomera. Anali atachonga ndi pensulo mzere uliwonse, kupatula umodzi umene anaukhwatcha.

"Bokosi la batire mwalichotseranji? Ati batire singakhale pansi poyera."

"Uwauze kuti bokosi tili nalo. Mwaona ubwino wolemba chilichonse pachokha? Tikanalipira bokosi lachabe."

Anayankhula ngati nzeru ya kalata ija inali yawo. Sindinawatsutse.

Amisiri anabwera awiri pa kagalimoto, mmodzi wakuda mano ndi fodya amene ankayankhula Chishona chokhachokha. Anakwera padenga, nayang'ana kumene dzuwa limadutsa, naboola malata. Bambo anaima pansi akuwerenga zolembedwa kumbuyo kwa panelo, kufananiza ndi za pa pepala. Zonse zinagwirizana. Mmisiri uja atafunsa za bokosi, bambo analowa kuchipinda, ndipo tinamva chinthu chikukwekwerezedwa pa simenti.

Anatulutsa suti naipachika pa msomali. Mabulangete anawaponya pa bedi. Nsalu za alongo awo anazigwira kanthawi, kenako anapatsa amayi osawayang'ana. Atatero anabwereka chobowolera kwa amisiriwo, nagwada, n'kuyamba kuboola mabowo m'mbali mwa bokosilo.

Amayi anaima pakhomo nsalu zili m'manja. Ine ndinkayembekezera kuti anena chinachake chachikulu, koma anangofunsa ngati amisiriwo amwa tiyi.

"Apatseni," anatero bambo, akuuzira utuchi. "Ndipo iwe, ukamabwera Loweruka, ufunse mtengo wa simenti. Khoma ili silingaoneke chonchi nyale zikayaka."