Chikuku Chotsalira M'dengu

Pa sitolo ina yogulitsa zipangizo za odwala pali mayi amene anzake amamutcha Katatu. Ndi wamfupi, woyankhula motsitsa, ndipo amagwirira ntchito m'kachipinda ka kuseri, pakati pa makatoni a matewera a akuluakulu ndi mulu wa ndodo zoyendera. Kompyuta yake ili pa tebulo lopendekeka lomwe mwendo umodzi anauchirikiza ndi katoni yopinda.

Asanalowe m'kachipindako anagwira pa kauntala zaka zambiri. Kumeneko ndi kumene anaphunzira kuti munthu wofuna chikuku, njinga ija amakhalapo wodwala wosatha kuyenda, sagula ngati wogula nsapato. Amabwera, kuchigwiragwira, kufunsa mtengo, kenako n'kuti, "Ndikambirane kaye ndi abale." Ena ankabweradi mawa lake. Ena ankakachipeza chotchipa kwina. Koma ena, ukakumana nawo pamsewu patapita mwezi n'kuwafunsa za odwala aja, ankangoyang'ana pansi. Katatu anasiya kufunsa.

Sitoloyo itatsegula tsamba la pa intaneti, mwini wake, bambo wachikulire wosakonda makina, anatumiza Katatu kukaphunzira kutsatsa malonda. Ntchito imene anabwera nayo ndi iyi. Munthu akalowa pa tsambalo amasankha katundu n'kumuika m'dengu, ngati mmene amachitira m'sitolo yeniyeni. Ambiri amachoka osalipira. Tsambalo limasiya kachizindikiro m'foni mwawo, ndipo makina otsatsa amawasonkhanitsa m'gulu limodzi, la osiya dengu. Kenako munthuyo akamawerenga nkhani kapena kuona zithunzi za anzake, katundu anamusiya uja amatulukira pambali, kumukumbutsa. Akalipira, amachotsedwa m'gulumo. Wotsatsa saona dzina la aliyense. Amangoona chiwerengero.

Katatu anaika malire awiri. Munthu aone chikumbutso katatu pa sabata, osapitirira apo. Ndipo akhale m'gululo masiku asanu ndi awiri, kenako asiyidwe. Aliyense wofunsa chifukwa ankamuyankha mofanana, kuti katatu n'kokwanira, mpaka dalaivala wa sitoloyo anamupatsa dzinali.

"A Katatu, ine akazi anga ndinawafunsira kakhumi," ankatero dalaivalayo akukweza matiresi m'galimoto. "Ndikanatsatira inu bwenzi ndikudziphikirabe."

"Ndipo mpaka lero akudandaula kuti anavomereranji," Katatu ankamuyankha.

Chaka chatha mwini sitolo anapuma, mpando n'kuusiyira mwana wake. Antchito amamutcha Bwana Wamng'ono. Si munthu wankhanza. Amapereka moni, amadziwa mayina a ana a aliyense, koma anapeza sitolo ikutsika, ndipo tsiku lililonse ankaima kumbuyo kwa Katatu n'kumayang'ana madengu osiyidwa ngati katundu wogwa m'galimoto amene palibe akumutola.

Nthawi yomweyo mchimwene wake wa Katatu anadwala sitiroko. Anagona m'chipatala masabata ochepa, madokotala n'kunena kuti akatuluka sadzayendanso. Sanatuluke. Anasiya mkazi wosakhala pa ntchito ndi ana atatu a sukulu, ndipo pa abale onse wolandira malipiro pamwezi anali Katatu yekha. Palibe anachita kumuuza. Anangodziwa kuti kuyambira tsopano nyumba ziwiri zikudya pa tebulo lopendekeka lija.

Katatu atabwerera ku ntchito maliro atatha, Bwana Wamng'ono anamupepesa bwinobwino, n'kudikira masiku angapo. Kenako anakoka mpando n'kukhala pambali pake.

"Achemwali, pali kampani ina ikufuna kutigwirira ntchito yanuyi. Akuti madengu awa angabweze ambiri kuposa inu. Ine sindikufuna kukuchotsani, makamaka panopa. Koma mwezi uno ukatha zinthu zili chonchi, ndilibe chowayankha."

"Bwana, katundu wathu si ngati wa ena. Munthu akasiya chikuku m'dengu, nthawi zina ndiye kuti wokwerapo kulibenso."

"Nthawi zina. Nanga nthawi zinazo? Ena akudikira malipiro, inu mwawasiya kale pa sabata imodzi." Analoza pa kompyuta. "Katatu kanuko sindikukhudza. Kakhale. Koma apa pamene palembedwa sabata, lembani tsiku. Masiku asanu ndi awiriwa afike makumi asanu ndi anayi. Ndipo kampeni yathu yotsatsa malondayi isakhale imodzi. Ina pa masamba ochezera, ina pa masamba a nkhani, ina pa mavidiyo, ina m'timasewera ta m'foni."

Katatu ankadziwa chimene Bwana Wamng'ono sanachitchule. Malire aja amawerengedwa pa kampeni iliyonse payokha. Kampeni ya mavidiyo sidziwa kuti ya nkhani yamuonetsa kale munthu chikuku m'mawa. Anayi onsewo akamvera lamulo mokhulupirika, munthu mmodzi akhoza kuchiona kakhumi ndi kawiri dzuwa lisanalowe. Ankadziwanso kuti pa masamba ochezera makina amasunga mbiri ya miyezi ingapo, choncho ukatalikitsa masiku, gulu limabwerera m'mbuyo kukatenga amene anasiyidwa kale.

Anafotokoza zonsezi. Bwana Wamng'ono anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye kuti zigwira ntchito," anatero.

Mawu oika pansi pa chithunzi anawalemba yekha bwanayo: "Wodwala wanu akudikira. Malizani kugula lero." Katatu anawakonza kalembedwe, n'kudina kuti zotsatsazo ziyambe kuonekera.

Madengu anayamba kubwerera. Dalaivala anatanganidwa mpaka anasiya nthabwala. Pakona pa kompyuta panali chiwerengero china chimene chinkakweranso, cha anthu odina kuti chotsatsacho chisawaonekerenso, koma Bwana Wamng'ono ankati amenewo sakanagula n'kale.

Loweruka lina masana Katatu anapita kwa alamu ake, mkazi wa malemu, atanyamula sopo ndi nsapato za mwana wamng'ono. Anawapeza pakhonde akusita mayunifolomu. Analonjerana, kufunsana za ana, za mwininyumba, za denga lodontha. Alamuwo anazimitsa simbi, n'kutenga foni yawo pa zenera.

"Alamu, paja inu mumadziwa za mafoni. Tandionereni ichi."

Anatsegula tsamba lochezera n'kutsitsa pang'ono. Pansi pa chithunzi cha ukwati wa munthu wina panali chikuku chabuluu, chopindika, cha mtengo wapakati. Katatu ankachidziwa mpaka nambala yake ya pa shelefu. Pansi pake panali mawu aja.

"Chinayamba chakumayambiriro kwa mwezi," alamuwo anatero. "M'mawa ndikafuna kuona nthawi ya mapemphero, chilipo. Ndikaika nyimbo, chimayamba ndi icho. Dzana wamng'onoyu amasewera pa foni, n'kubwera nacho kukhitchini. Akuti, amayi, akuti adadi akudikira."

Katatu anakhala pa mpando umene unali pafupi.

"Munachiika liti m'dengu?"

"Tsiku limene adokotala ananena kuti sadzayenda. Ndinali pa benchi panja pa wodi. Ndimafuna ndione mtengo ndisanakuvutitseni, poti munali mutatichitira kale zambiri. Ndinati akatuluka ndidzakuuzani." Anapinda kolala ya malaya a sukulu, n'kuipindanso. "Kumayambiriro chinabwera kawiri kapena katatu, n'kusiya. Ndinati chabwino, anthu aulemu. Ndiye chabwereranji? Kuntchito kwanu simunawauze kuti kunali maliro?"

"Akudziwa, alamu. Anapereka galimoto."

"Ndiye amatumiza ndani?"

Panali mayankho ambiri oona. Makina. Bwana. Katatu sanasankhe limodzi mwa amenewo.

"Ndine."

Alamuwo anamuyang'anitsitsa.

"Inu."

"Sindiona mayina. Sindimadziwa kuti muli m'gulumo."

"Mukanadziwa mukanandichotsa?"

"Tsiku lomwelo."

"Ine ndekha."

Katatu anatenga foniyo, n'kudina timadontho ta pakona pa chotsatsacho kuti chisaonekenso. Anafufuta tizizindikiro tosungidwa m'foni, n'kulowa pa tsamba lochezera kukaletsa sitoloyo. Ananena kuti Lolemba akaika nambala yawo pakati pa anthu osayenera kuonetsedwa kanthu, ngakhale zimenezo sizigwira paliponse, ndipo chikatulukiranso amuuze. Alamuwo analandira foni n'kuiika chafufumimba pa zenera.

"Zikomo chifukwa cha nsapato," anatero, n'kuyatsanso simbi. Tiyi sanamutchule.

Lolemba Katatu anafika bwana asanabwere, n'kumudikira pakhomo la ofesi. Anamuuza zonse, ndi mawu a mwana uja omwe. Bwana Wamng'ono anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Zinamukhudzadi.

"Pepani kwambiri, achemwali. Mawu amenewo achoke lero. Ndinalakwitsa ine. Lembani kuti, katundu wanu akadali m'dengu. Basi."

"Si mawu okha, bwana. Chithunzicho n'chokwanira. Tibwerere ku sabata imodzi. Ngati n'zosatheka, bola kampeni ikhale imodzi, kuti malire akhale malire."

Bwanayo anatembenuza kompyuta yake kuti Katatu aone. Mzere wa malonda unali utakwera kuposa mwezi uliwonse chaka chimenecho.

"Kampani ija ndaiuza kuti sitikuifuna. Ndaiuza chifukwa cha mzere uwu. Ndikaubweza pansi, ndiitanenso, ndipo iwowo malire sadzaika n'komwe. Ndiye amasiye anuwo mwawathandiza chiyani? Anthu asanu ndi anayi amadya pa sitolo ino." Anavalanso magalasi. "Alamu anu achotseni. Aliyense amene adzaimba kudandaula, mumuchotse. Zotsalazo zikhale. Kapena mukufuna kundiuza kuti simungathe?"

Katatu anaganiza za sukulu imene inali pafupi kutsegulira, ndi mwininyumba wa alamu ake.

"Ndingathe, bwana."

Anabwerera m'kachipinda kake. Anasintha mawu pa makampeni onse anayi, n'kuika nambala ya alamu ake pamene analonjeza. Sizinamutengere nthawi yaitali. Gulu la osiya dengu linali ndi anthu oposa zikwi ziwiri, ndipo mmodzi atachoka chiwerengerocho sichinasinthe n'komwe, poti makinawo amangopereka chongoyerekeza.

Adakali pa ntchitoyo mpaka pano, ndipo amaigwira bwino. Ana a mchimwene wake ali pa sukulu onse atatu. Kumapeto kwa mwezi amapita kukawaona, ndipo alamu ake amamulandira mwaulemu wonse, kumufunsa za ulendo, kumuperekeza mpaka pageti. Anawo akafuna kuonetsa azakhali awo kanthu pa foni, mayi awo amati batire latha.

Odandaula saimba kawirikawiri. Mwezi wathawu anaimba mmodzi, bambo wa mawu otopa, kufunsa ngati pali njira yoti matiresi a odwala asiye kumutsata. Katatu anamupepesa, n'kumupempha nambala yake. Bamboyo anati nambala sapereka kwa anthu ngati amenewo, n'kudula foni.