Khoma Loyera Kumapeto kwa Mzere

Ku ofesi ya khonsolo ankamutcha Akompyuta. Analembedwa ntchito ngati kalaliki wa mafayilo, koma tsiku lina anakonza pirintala ya bwana potulutsa pepala limene linakakamira, ndipo kuchokera pamenepo chilichonse chokhala ndi chingwe chinakhala chake, kuphatikizapo ketulo. Udindo wake papepala sunasinthe. Anangomupatsa desiki pafupi ndi soketi.

Anali munthu wamanyazi, wa malaya awiri osita bwino. Makolo anamusiya ali wamng'ono, ndipo anamulera ndi alongo ake aakulu, mayi wogulitsa mapoto, mbale ndi zidebe mumsika wakale. Sukulu yake yonse inatuluka m'mapotomo. Python, chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta, anaphunzira yekha pa kompyuta ya ofesi nthawi ya nkhomaliro, anzake akamakambirana za mpira. Alongo ake sankadziwa chimene iye amachita, koma ankauza msika wonse kuti mwana wawo ndiye amayendetsa khonsolo.

Kenaka khonsolo inaganiza zogwetsa msika wakale ndi kumanga watsopano. Malo mumsika watsopano anayenera kupatsidwa kwa okhawo amene anali ndi mashopu mu wakale, ndipo popeza pa nkhani ngati imeneyi ngakhale akufa amadzuka ndi kunena kuti ankagulitsa tomato, komiti inafuna umboni. Inakhala pansi, inamwa tiyi, inagamula kuti mzere uliwonse wa mashopu ujambulidwe m'chithunzi chimodzi, mwini shopu aliyense ataima pakhomo pake. Tsiku lojambula lisalengezedwe, ndipo chithunzicho chidindidwe chidindo. Amene ali pachithunzi ali ndi malo.

"Chimodzi, bwana?" anafunsa Akompyuta. "Mzere wake ndi wautali, ndipo kanjira ndi kopapatiza. Munthu sangabwerere m'mbuyo mpaka onse akwane."

"Zimenezo ndi za kompyuta," anatero bwana. "Komiti yanena chimodzi. Ndipo aliyense wokhala ndi mbale wake mumsikamo asakhudze ntchitoyi. Inu mulibe eti?"

"Ndilibe, bwana."

Anayankha msanga, asanaganize. Ntchitoyi inali yoyamba imene inafuna mutu wake osati zala zokha, ndipo sanafune kuti imudutse.

Njira ankaidziwa. Ayende cham'mbali kutsata mzere, ajambule pang'onopang'ono, chithunzi chilichonse chilowerane ndi chinzake kuti mbali ina ioneke m'zonse ziwiri. Kenaka pulogalamu yotchedwa OpenCV izilumikize. Analemba sikiripiti yaifupi, mndandanda wa malamulo ouza kompyuta zochita. Imatsegula foda ya mzere, imawerenga zithunzi ndi lamulo la cv2.imread, imazipereka kwa Stitcher, mbali ya OpenCV yolumikiza zithunzi. Anasankha njira ya SCANS osati ya PANORAMA, chifukwa PANORAMA imayembekeza kuti wojambula waima pamalo amodzi akungozungulira, pamene iye akhala akuyenda kutsogolo kwa makoma. Stitcher imafufuza tizizindikiro m'chithunzi chilichonse, monga ngodya ya chitseko, mng'alu kapena chilembo cha pachikwangwani, ndipo ikapeza tomweto m'chithunzi china imadziwa kuti awiriwa ndi oyandikana. Ikamaliza imabweza nambala. Ziro ndiye kuti zatheka. Nambala ina iliyonse ndiye kuti zakanika. Iye analemba kuti ikabwera ziro, chithunzi chisungidwe, pasikirini palembedwe kuti ZATHEKA. Anayesa pa khonde la ofesi, zinatheka, ndipo masana amenewo anayenda ngati munthu wokwezedwa.

Lamlungu anapita kwa alongo ake.

"Achemwali, Lachinayi kubwera ojambula. Musachoke pashopu. Ndipo mukandiona simukundidziwa."

"Ndisakudziwe iwe? Amene ndinakuchapira zofunda mpaka uli sitandade fo?"

"Achemwali, chonde."

"Chabwino, bwana. Ndidzakuyang'ana ngati wokhometsa msonkho."

Shopu yawo inali yomaliza mumzere wake. Pakati pa iyo ndi ya munthu wokonza nsapato panali khoma lalitali la nyumba yosungiramo katundu, lodzala ndi mapositala ong'ambika, manambala a foni a asing'anga, ndi mawu ena amene ana a sukulu sayenera kuwerenga koma ndiwo analemba. Khomalo linkawachititsa manyazi kwa zaka zambiri. Atamva kuti boma likubwera ndi kamera, anapala zonse, anagula laimu, anapaka kawiri. Lachinayi khoma linali mbee, losalala ngati mbale yatsopano.

Akompyuta anafika ndi foni ya ofesi, kumbuyo kwake kuli bwana ndi anthu a komiti. Anajambula mzere ndi mzere. Atafika kumapeto kwa mzere wa alongo ake anajambula wokonza nsapato pamodzi ndi chigawo cha khoma, anasuntha, anajambula chigawo china cha khoma pamodzi ndi alongo ake ataima pakati pa mapoto, atavala diresi la kutchalitchi. Anamuyang'anadi ngati wokhometsa msonkho. Iye anafulumira kuchokapo.

Masana omwewo bwana anaima kumbuyo kwa mpando wake, fulashi yotengera zithunzi ili m'manja, chifukwa wosindikiza ankatseka msanga. Sikiripiti inayenda. ZATHEKA. ZATHEKA. ZATHEKA. Zithunzi zinali zazitali ngati lamba, anthu ake ngati nyerere. Akompyuta anakulitsa apa ndi apo kuti bwana aone kuti nkhope zikuoneka. Pa mzere wa alongo ake anakulitsa koyambirira ndi pakati, koma kumapeto dzanja linakana. Anaopa kuti nkhope yake imuulula, pakuti iye ndi alongo ake anali ndi mphumi imodzi. Anangoona kuti lamba akuthera pa chinthu choyera, anatseka.

Zithunzi zinasindikizidwa, zinadindidwa, zinasainidwa ndi anthu atatu, zinatsekeredwa mu kabati. Amalonda anauzidwa kuti achotse katundu. Pa nkhani yogwetsa, khonsolo sichedwa, ndipo msika wakale unasanduka mulu wa njerwa.

Msika watsopano unatenga nthawi yake, monga mwa mwambo. Utatha, zithunzi zinapachikidwa pakhonde la khonsolo kuti aliyense adziloze ndi chala, apatsidwe kiyi. Alongo ake analowa mu ofesi mwake osagogoda.

"Iwe, ndadzifufuza mpaka maso kuwawa. Wa nsapato alipo, mpaka mano. Khoma langa lilipo theka. Ine ndili kuti?"

"Mayi, dikirani panja," anatero mokweza, pofuna kuti anzake amve. Kenaka motsitsa: "Achemwali, ndiona."

Chithunzi chawo chinali mufoda, chowala bwino. Anayendetsanso sikiripiti, inanenanso kuti ZATHEKA. Apo ndi pamene anafunsa funso limene sanafunse tsiku lija. Anaitana component(), imene imatchula zithunzi zimene Stitcher yagwiritsadi ntchito. Zonse zinalipo kupatula chomaliza.

Anawerenga, anamvetsa, ndipo kumvetsako sikunamuthandize. Mbali imene zithunzi ziwiri zomaliza zinalowerana inali khoma lokhalokha. Pa laimu wosalala panalibe ngodya, panalibe chilembo, panalibe mng'alu. Stitcher itasowa tizizindikiro tokwanira, sinakhulupirire kuti chithunzi cha mayi wa mapoto ndi cha mumzere umenewu. Zikatero siidandaula. Imasunga gulu lalikulu la zithunzi zogwirizana, imasiya chotsalacho, imabweza ziro. Chikanakhala chithunzi cha pakati, mwina mzere ukanaduka theka ndipo aliyense akanaona. Koma chinali cha kumapeto, ndipo khoma loyera limaoneka ngati malo abwino othera mzere.

Anayesa zonse zimene ankadziwa. Anatsitsa muyeso wa chikhulupiriro ndi setPanoConfidenceThresh, kuchoka pa wani kupita pansi. Koyamba sichinasinthe kanthu. Atatsitsa kwambiri Stitcher inayamba kukhulupirira zilizonse, inagwirizanitsa zidebe za alongo ake ndi zidebe za shopu ina ya pakati pa mzere, ndipo inawaika pamenepo, atapendekeka, pamwamba pa munthu wogulitsa maambulera. Anayesa njira ina yofufuzira, SIFT m'malo mwa ORB, kuti mwina ipeze tizizindikiro tina. Inapeza tochepa m'mphepete mwa denga, tonse pamzere umodzi ndipo tofanana ngati mazira. Kukajambulanso kunali kosatheka. Khomalo linali litapita ndi mathirakitala.

Chinatsala ndi kumata ndi manja. Anayerekeza malo, anamata, ndipo chinaoneka bwino ndithu. Anapita nacho kwa bwana pamodzi ndi chithunzi choyambirira.

"Bwana, sikiripiti inasiya munthu mmodzi. Kulakwa ndi kwanga. Sindinaone ngati zithunzi zonse zalowa."

Bwana anayang'ana nthawi yaitali.

"Ichi mwalumikiza ndi kompyuta?"

"Ndi manja, bwana. Kompyuta ikukana."

"Ndiye kompyuta ikukana, inu mukuvomera. Komiti inasankha kompyuta chifukwa kompyuta ilibe achibale." Ananyamula chithunzi chinacho. "Nanga ichi? Mayi, mapoto, khoma loyera. Khoma loyera lili paliponse, Akompyuta. Ngakhale kwathu lilipo. Ndipo ndinali komweko tsiku lija, msika wonse unali wakuda bii. Mayiyu yekha anadziwa bwanji zopaka laimu? Anamuuza ndani kuti tikubwera?"

Akompyuta anayang'ana soketi.

"Tikatsegula chithunzi chodinda chifukwa cha munthu mmodzi, mawa pakhonde pano padzadza anthu ndi zithunzi zawo zomata. Mayiyu akudziwani?"

Apa panali pamene munthu amanena zoona. Akompyuta anaona zonse zimene zikanatsatira: bodza lake lija, kuchotsedwa ntchito, zithunzi zonse kukayikiridwa, ndipo alongo ake osapezabe kiyi, popeza umboni wa mchimwene wabodza sungapose chidindo. Mwina anawerengera bwino. Mwina anangochita mantha. Iye mwini sanathe kusiyanitsa.

"Ayi, bwana."

"Alembe kalata ya apilo. Komiti ya apilo idzaona ikadzakhazikitsidwa."

Anawapeza alongo ake kunyumba kwawo, m'chipinda chodzala mapoto mpaka kudenga, pamene katundu anadikirira msika watsopano. Anafotokoza za tizizindikiro, za ziro, za khoma. Iwo anamvetsera osamudula.

"Ndiye ndikanasiya zotukwana zija, ndikanakhala ndi shopu?"

"Eya."

"Ndipo iwe unali pomwepo, unandijambula ndi manja ako."

"Eya, achemwali."

"Unawauza kuti ndine ndani?"

Iye anatembenukira ku mapoto. Iwo anagwedeza mutu pang'ono, anadzuka, anayamba kusanja mapoto aang'ono m'kati mwa aakulu, kuti akwane m'beseni limodzi lonyamula pamutu.

Mwezi wotsatira bwana anamuyamika pamsonkhano, ananena kuti sikiripiti ija igwiritsidwenso ntchito pa msika wa kumpoto kwa tauni. Akompyuta anawonjezeramo mizere iwiri ya malamulo, yoti ziwerengedwe zithunzi zimene zalowa ndi zimene zaperekedwa, zikasiyana iime. Palibe anamufunsa chifukwa chake. Komiti ya apilo sinakhazikitsidwe.

Alongo ake tsopano amagulitsa pansi, kunja kwa mpanda wa msika watsopano, pamalo pamene khonsolo inaletsa malonda. Galimoto ya alonda a khonsolo ikatulukira amakulunga zonse m'nsalu ndi kuthamanga, pa msinkhu wawo, mapoto akulira kumsana. Tsiku limene alondawo atuluke limakambidwa mu ofesi, pafupi ndi desiki lake, ndipo iye amatumizira alongo akewo uthenga pa foni. Uthengawo amauwerenga, chifukwa amathawa nthawi yabwino. Sayankha.