Ayi Wapafoni

Kampani yathu ya soya ku Itepela tinaiyamba mabanja amene tinabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. Ine anandisankha kukhala wapampando chifukwa ndimadziwa Chipwitikizi, komanso pakamwa panga sipatsekeka.

Kenaka kunabwera mzungu wandalama. Tinagwirizana zotsegula kampani yatsopano ya tonse: ife tiikemo chilolezo chathu cha boma cholimira mindayo, iye aikemo mathirakitala ndi ndalama. Gawo lathu linaposa lake pang'ono, ndipo tinkayenda modzitukumula, ati eni ake ndife.

Tikulemba kontaratu, pangano lathulo, kwa loya ku Cuamba, alamu anga, amene anali wamkulu mwa ife tonse, anapempha chinthu chimodzi: nkhani zikuluzikulu, monga kugawana phindu ndi kugula makina, zisamadutse pokhapokha mbali zonse ziwiri zitavomera. Kwathu timatero. Wina akakana, timakhala naye pansi mpaka afewe, poti mawa tikumana naye pamaliro. Loya anatichenjeza kuti tikatero, kuchuluka kwa gawo lathu sikudzatithandiza pankhani zimenezo. Alamu anangoseka.

"Munthu sangakane mpaka kalekale mukumuyang'ana m'maso," anatero.

Mzungu uja anasaina msangamsanga, akumwetulira.

Soya anabereka, phindu linapezeka. Koma pamsonkhano wapachaka mwiniwakeyo sanabwere. Jerente amene iye anatiikira kuti aziyendetsa ntchito anaimika foni patebulo, nkhope ya mzunguyo n'kutulukira pamenepo. Ndinati tigawane, anthu akudikira malata ndi fizi ya ana. Nkhope ija inati ayi, phindu likhale m'kampani kuti ikule. Chaka chotsatira, chimodzimodzi.

Kumudzi ndani akanamva zimenezo? Ankaona thirakitala ikulima, malole akutuluka odzaza, ine ndikukwera chapa, minibasi ya ku Cuamba, nditavala nsapato. Basi, mayi aja adya. Amayi anzanga anasiya kudzapempha mchere. Alamu atamwalira, pamphasa imene ndinakhala panatsala malo a anthu atatu, koma palibe anabwera. Zinandiwawa, sindibisa.

Chaka chachitatu ndinapita nditakwiya kale. Mzungu anafuna kuti tigule makina ena, ine ndinati ayi, nanenso ndili naye ayi wanga. Anagwedeza phewa, n'kunena kuti ndiye ndalamazo zingokhala kubanki. Iye akanatha kudikira zaka khumi. Ife mvula inali pafupi, madenga akudontha.

Ndinakoka mpando, ndinasendera pafupi ndi foni ija monga akanachitira alamu, n'kuyamba kumuuza mofatsa za mabanja athu, limodzilimodzi.

"Pepani mayi, ndili ndi msonkhano wina," anatero.

Foni inazima. Jerente anaiika m'thumba, n'kundifunsa ngati ndili nayo ya chapa.

Ndinatsika ku Itepela dzuwa likadalipo. Anthu anali pamsewu, anandiyang'ana m'manja, ndipo palibe anafunsa kuti ndayenda bwanji.