Nkhope Yosungitsa pa D

Anthu a ku Nyachikadza sakhulupirira pepala. Madzi akabwera amatenga ndi zithunzi zomwe, ndiye ndikawajambula pa shopu yanga pa boma la Nsanje ankandiuza kuti, “Zikhale mu kompyuta mwanumo.” Zonse ndinkasunga pa D, mbali ya disiki yomwe sindinkalola munthu kuigwira.

Anaigwira ndi mlamu wanga, munthu wa manja oyabwa. Ataona kuti mbali inayo, C, yadzaza, anachepetsa D kuti malowo apatse C. Sizinatheke. Anapitiriza kudinadina mpaka D inasowa.

Mmawa wa tsiku lotsatira n’kuti pabenchi pali mayi wina amene anaoloka Shire pa bwato. Amuna awo anali atamwalira, ndipo chithunzi chawo chokhacho chinapita ndi madzi limodzi ndi nyumba.

“Bambo, ndadzatenga nkhope ija ndinakusungitsani,” anatero.

Nditayatsa kompyuta ndinapeza C yokha. Ndinawapempha kuti adikire pang’ono, iwo n’kuyamba kusenda mtedza wawo mosatekeseka.

Ndinatsegula Disk Management, pamene disiki yonse imaoneka ngati munda wogawidwa. C inalipo ndi mzere wake wabuluu. Pambali pake panali chigawo chachikulu, chabuluunso, cholembedwa Healthy koma chopanda chilembo ngati C kapena D. Kumapeto kunali kachigawo ka mzere wakuda, Unallocated, malo opanda kanthu amene mlamu anadula. C sikanawatenga malowo chifukwa sanagundane nayo, pakati panali chigawo chachikulu chija.

“Ndiye tifufute chapakaticho, alamu,” anatero mlamu, chala chikuloza Delete Volume. “Chilibe ndi dzina lomwe.”

“Alamu, ikani manja m’thumba.”

Ndinapsa mtima, koma ndinkaopanso. Kenako mlamu anavomera kuti dzulo lake anadina Remove pa chilembo cha D, poganiza kuti C ipeza njira. Apa ndinapumako, chifukwa kuchotsa chilembo sikufufuta kanthu. Kompyuta imangosiya kuonetsa chigawocho.

Ndinadina batani lakumanja la mausi pa chigawo chabuluucho, n’kusankha Change Drive Letter and Paths, kenako Add, n’kubwezera D. Kakuda kaja ndinakasiya kaye, sikanali pa changu. D inatulukira, mafoda onse ali momwemo.

Ndinawaitana mayi aja. Anapukuta manja pa chitenje, n’kuwerama pa sikirini. Amuna awo anali pamenepo, atavala jekete lobwereka pa shopu pompo, lalikulu mapewa, akuyesetsa kusaseka.

Anayang’ana nthawi yaitali. Mlamu anatuluka panja mwakachetechete.

“Takhuta, bambo,” anathokoza m’chilankhulo chakwawo. “Mawu awo ndimawamvabe. Koma nkhope inayamba kundithawa.”

Ndinawatsukira zithunzi ziwiri, n’kuzikulunga mu pulasitiki. Atafika pakhomo anatembenuka.

“Cha mu kompyutacho chikhalebe momwemo. Madzi adzabweranso.”