Butiloda ya Bambo Augusto

Ku Kambuzuma, mukafunsa nyumba ya bambo Augusto, anthu amakulozerani asanamve dzina lachiwiri. Amati ndi bambo a mazira, chikhalirecho mkuluyu sanawetepo nkhuku. Ntchito yawo ndi kupanga timabokosi toyendetsa makina oswetsa mazira: kabokosi kamayeza kutentha, kuyatsa ndi kuzimitsa hita, ndi kutembenuza mazira pa nthawi yake.

Anachokera ku Tete ali ndi zaka khumi, nthawi ya nkhondo, nawoloka malire akutsatira mayi awo. Za ulendowo salankhula kawirikawiri. Chimene amakumbukira ndi kansalu ka chimanga chambewu kamene mayiwo anamanga m'chiuno. Njala inawapweteka m'njira, ana analira, koma kansaluko sikanamasulidwe.

Atakula analowa ntchito pa fakitale ina ku Willowvale. Anayamba ndi kusesa, kenako kuwotcherera mawaya, mpaka mzungu wina wa ku Ulaya amene ankaika makina anaona kuti mnyamatayu ali ndi mutu, nawaphunzitsa kulemba mapulogalamu a tchipi, kaubongo kakang'ono koyendetsa makina. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi butiloda. Imeneyi ndi kapulogalamu kakang'ono kokhala kumapeto kwa malo osungira a tchipi. Makina akayaka, iyo ndiyo imayamba kudzuka n'kumvetsera pa waya kwa kanthawi. Kompyuta ikalankhula, butiloda imalandira pulogalamu yatsopano chidutswachidutswa n'kumailemba m'malo mwa yakale. Kukakhala zii, imaona ngati pulogalamu ilipoyo ndi yathunthu, n'kuisiyira ntchito.

Fakitale itatseka, anayamba zawozawo m'kachipinda kakuseri. Mabokosi oyamba anatha ndi mphemvu ndi chinyezi, ndiye anayamba kuthira utomoni wouma gwa pa bolodi lonse, n'kusiya mawaya atatu okha panja: wotumiza, wolandira, ndi wa pansi. Tizitsulo tolumikizira makina olembera tchipi mwachindunji tinkakwiririka momwemo. Khomo linatsala limodzi, butiloda.

Apa m'pamene anadziwa kuti kuchenjera kumapweteketsa. Butiloda yawo yoyamba anaisiya yosakhoma, eti kuti mwina tsiku lina adzafuna kuikonza. Tsiku lina anatumiza pulogalamu yaikulu kuposa malo ake, ndipo butiloda, poti inkangomvera, inafufuta malo amene iyo yomwe inali. Bokosilo linali pa makina a mayi wina wa ku Tafara. Waya analankhula, panalibe woyankha. Mazira mazana awiri anazizira, ndipo mayiyo sanatukwane ayi, anangowapempha kuti amuthandize kukumba dzenje lokwirira mazirawo. Zimenezo zinawawawa kuposa kutukwanidwa.

Analembanso butiloda ina. Iyi inkayamba yaona adiresi ya chidutswa chilichonse, ndipo chikaloza m'dera lake inkakana. Anakhomanso maloko a m'tchipi momwemo, kuti ngakhale pulogalamu itasokonekera, deralo lisalembedwe. Mkazi wawo, mayi Olinda, atafunsa chimene chinkawasowetsa mtendere sabata yonseyo, anayankha mwachidule: «Mbewu sadya.»

Papita zaka khumi ndi ziwiri. Tsopano maso ayamba kuchita nkhungu, koma musayerekeze kuwauza. Mayi Olinda akatchula za magalasi, iwo amati vuto ndi makompyuta amasiku ano, zilembo zake n'zazing'ono.

M'mawa wina wa mu Juni, kukuzizira, anakwera kombi kupita ku Mbare kwa mayi Mwanaidi, mayi wamasiye amene makolo ake anachokera ku Mangochi. M'makina mwawo munali mazira mazana atatu, ena awo, ena a azimayi anzawo a ku mzikiti, ndipo anali atatsala masiku anayi kuswa. Kachoyezera kutentha kanali katayamba kunama. Kamtundu wakale sikankapezekanso m'tauni, choncho bambo Augusto anabwera ndi kamtundu wina, kofuna pulogalamu yatsopano.

«Kodi bambo, simungadikire aswe kaye?» anafunsa mayi Mwanaidi.

«Kakapitiriza kunama, mayi, kawaphika. Hita izima mphindi ziwiri zokha. Ngakhale thadzi limadzuka kukadya.»

Anasintha kachoyezera, nalumikiza mawaya atatu aja ku laputopu, nasankha fayilo, nazimitsa bokosi ndi kuliyatsanso. Butiloda inayankha. Mzere wosonyeza ntchito unayamba kuyenda, ndipo mkuluyo anayamba kufunsa za ana a mayi Mwanaidi. Mzere uli pafupi kufika kumapeto, unaima. Panatuluka mawu ofiira.

Anawerama, mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi. Zilembo zinangosakanikirana. Kabokosi kanali duu, hita osayaka, kanyali kamodzi kokha kakuphethira. Anaona dzenje la ku Tafara lija ngati analikumba dzulo. Bokosi lina lopangiratu analibe, ndipo kupanga latsopano ndi masiku awiri.

«Bwanji, bambo? Chafa?»

Anafuna kunama kuti ndi waya. Koma mazira ankazizira, ndipo manyazi satenthetsa dzira.

«Mayi, tandiwerengereni apa. Ine sindikuona.»

Mayi Mwanaidi anawayang'ana kaye, kenako anapukuta manja pa chitenje nawerenga pang'onopang'ono. Mawu ofiirawo anali a Chichewa, poti bambo Augusto anawalemba okha kalekale: «Ndakana. Adiresi iyi ndi ya butiloda.»

«Nanga dzina la fayilo, pamwambapo?»

«Palembedwa pampu.»

Anali atasankha pulogalamu ya pampu ya pa chitsime, ya tchipi yaikulu, imene inali moyandikana ndi ya mazira pa mndandanda. Butiloda inali itafufuta pulogalamu yakale ndi kulemba zidutswa za yolakwikayo kufikira pa malire ake, ndipo pamenepo inaima. Popeza ntchito sinathe, nambala yotsimikizira kuti pulogalamu ndi yathunthu sinagwirizane, choncho sinalole kuti chinthu chosakwanira chiyendetse hita. Kanyali kophethirako kankatanthauza kuti idakali moyo, ikudikira.

«Pezani pamene palembedwa mazira. Ikani chala pomwepo.»

Mayiyo analoza, iwo anadina. Mzere unayambiranso, ndipo ulendo uno palibe anafunsa za ana. Unafika kumapeto. Mkati munamveka kuti tha, hita inayaka, manambala anayamba kukwera. Mayi Mwanaidi anati alihamudulilahi, napita kukateleka madzi a tiyi. Zonse zinatenga mphindi zosakwana khumi.

Bambo Augusto anatsala pa mpando. Polemba butiloda ija, ankaganiza za magetsi othima pakati pa ntchito, waya wozuka, kapena munthu wosadziwa kanthu wogwiragwira zinthu za eni. Sanaganizepo kuti munthu wodzakanidwayo adzakhala iwo omwe, ali ndi imvi, akulephera kusiyanitsa pampu ndi mazira. Anamva chisoni, komanso anathokoza munthu wa zaka khumi ndi ziwiri zapitazo amene sanakhulupirire aliyense, ngakhale dzanja lake lomwe.

Anapiye anaswa Lachisanu, ambiri ndithu. Mayi Mwanaidi sanauze munthu za kuwerenga kuja, koma powauza bambo Augusto za anapiyewo anatumiza uthenga wa mawu pa foni, osati wolembedwa.

Lolemba m'mawa mayi Olinda anapeza amuna awo atavala jekete, atakhala pa bedi.

«Ku Mbarenso?»

«Ayi. Kwa a maso kuja mumanena. Tiyeni limodzi, muzikandiwerengera zikwangwani za makombi.»