Nambala Inavomera Bokosi Lokha

A Dyna a ku Kapondo anapusitsidwapo kamodzi ndi mbewu yabodza ya chimanga. Kuyambira pamenepo sankakhulupirira paketi iliyonse asanakale pobisika nambala n'kuitumiza pafoni.

Amuna awo a Lameki atadwala malungo, a Dyna anagula mankhwala kwa venda pamsika. Anakala okha pabokosi, foni n'kuyankha kuti ndi enieni. Koma sanaone kuti bokosilo linatsegulidwapo n'kumatidwanso ndi guluu.

A Lameki anamwa onse, osachira. Anakafera kuchipatala.

Adokotala atayang'ana bokosi lija ndi mapepala a mapiritsi anauza a Dyna kuti, “Mayi, bokosili ndi lenilenidi, koma munthu anasintha zam'katimu. Nambala siona m'kati.”

Uthenga uja ukadali m'foni mwa a Dyna, ukunenabe kuti ndi enieni.