Mzere Umodzi pa Mwezi

Khoma la kuseri kwa nyumba yanga kukomboni ya George sindinalifune ine. Analifuna ndi mwana wanga wamkazi, mmodzi yekhayo amene Mulungu anandisiyira, amene amagwira ntchito ku Kafue. Amake atamwalira ndinatsala ndekha ndi makina anga osokera, ndipo anthu a kubala la mowa lakuseri anayamba kudutsa pabwalo panga ngati ndi msewu wa boma, ena mpaka kukodzera pa mtengo wanga wa mapeyala. Tsiku lina mwanayo anabwera napeza wina ali mkati mochita zimenezo. Anangoti, "Ba tate, apa timanga."

Zoona zake, isanabwere nkhani ya khoma, mwanayu ankabwera mwa kamodzikamodzi. Sindikumunena, ntchito ndi ntchito. Koma nyumba ya zipinda zitatu ukakhalamo wekha imalira, ndipo masiku ena ndinkafika madzulo osatsegula pakamwa kupatula poyasamula.

Mmisiri tinamupeza kutchalitchi, bambo wa ku Kasama wolankhula pang'ono. Anakoka tepi yake, ine nditagwira nsonga, nati kutalika ndi mamita 20, ndipo msinkhu mwana wanga anati ukhale mamita awiri. Kenaka anakhala pa ndowa nayamba kuwerenga mokweza, kuti pasadzakhale wonena kuti anabedwa.

Njerwa zake ndi zija za simenti zimene kuno timati mabuloko. Imodzi, pamodzi ndi dothi lomangira, imadya masentimita 40 m'litali ndi 20 mumsinkhu. Ndiye mzere umodzi ndi njerwa 50, ndipo mizere khumi ndiyo ifikitsa mamita awiri, njerwa 500. Ine ndinati basi tamaliza. Iye anapukusa mutu. Pali mizere iwiri yolowa pansi pa nthaka imene maso saiona koma thumba limaimva, njerwa 100. Palinso 100 zina za mizati yolimbitsa khoma ndi zosweka panjira. Zonse 700.

Simenti anati thumba limodzi limamanga njerwa 50, ndiye matumba 14, kuonjezapo 6 a konkire ya maziko, onse 20. Nthawi imeneyo njerwa inali K10, thumba K150. Njerwa K7,000, simenti K3,000, mchenga ndi miyala K1,500, manja ake K2,500. Zonse pamodzi K14,000, zonyamulira padera.

Mwana wanga ndalama zotere analibe, ine ndiye musanene, telala wa zigamba. Pomaliza anati achita katapila wa maziko okha kuntchito kwawo, ndipo zotsalazo tizikwera mzere umodzi pa mwezi. Akalandira azibwera yekha, kugula njerwa za mzerewo ndi thumba lake, ndi kuona ndi maso ake kuti zamangidwa, poti ndalama zotumiza pafoni ankati amisiri amakudyera.

Ine masamu ndinalekera kutali, koma awa ndinawamva msanga. Mizere khumi, miyezi khumi, maulendo khumi. Mtima wanga unachita kuti myaa.

Mwezi ukatha ndinkasesa chipinda chake Lachisanu. Loweruka m'mawa ankatsika minibasi ali ndi buledi ndi tinsomba ta kapenta wa ku Siavonga, tipite limodzi kwa oumba njerwa. Kumeneko ankagogoda njerwa iliyonse ndi kiyi, yolira mogonthera ayike pambali, mpaka anyamata ogulitsa ankamutcha kapitawo. Mmisiri amange mzere wake, dzuwa lisanafike pamutu watha. Zikatero tsiku lonse linali lathu. Ankandikalipira za mchere, za mankhwala amene ndimaiwala, za malaya a makasitomala amene ndimasunga chaka osawatenga eni ake. Ndinkamuyankha mokalipa ndithu, koma mkatimu ndikusangalala ngati mwana. Lamulungu tikaweruka kutchalitchi ankakwera basi.

Tinakwera mizere itatu motero. Khoma linafika m'mawondo, oledzera ankangolidumpha, ine osadandaula n'komwe.

Pa mzere wachitatuwo ndi pamene mmisiri anatsuka chipande chake chomangira, nayima patsogolo pa mwana wanga. Anati, "Ba sisi, ndalama zanu zikundimvetsa chisoni."

Ndinamuponyera diso. Sanandione, kapena anandiona koma sanamve.

Anati kwatsala mizere isanu ndi iwiri, njerwa 350, ndi za mizati ndi zosweka tinene 400, K4,000. Simenti matumba 8, K1,200. Izo sizisintha. Koma kalole konyamula njerwa kamatenga K200 ulendo uliwonse, ngakhale kanyamule zochepa. Maulendo asanu ndi awiri ndi K1,400, pamene lole yaikulu ingabweretse zonse kamodzi pa K400. Apo pokha K1,000 yapulumuka. Nanga basi ya ku Kafue mwezi ndi mwezi? Nanga simenti ikakwera mtengo? Ndipo mvula ikubwera. Anati atapatsidwa zonse, masiku ochepa khoma laima.

Munthuyo sananame ngakhale ngwee imodzi, ndipo n'chimene chinandipsetsa mtima. Akanakhala wakuba ndikanamuthamangitsa ndi lumo langa losokera. Koma ungamutani munthu woona?

Ndinayesa. Ndinati khoma lokwera pang'onopang'ono limalimba, simenti imafuna kupuma. Mmisiri anaseka mwaulemu, nanditchula agogo m'chinenero chakwawo, nati, "Ba shikulu, mizere ingapo pa tsiku ilibe vuto, bola kuthirira madzi." Ndinati kuthamanga sikufika. Mwana wanga anati, "Ba tate, mwezi ndi mwezi tikutaya ndalama mumsewu, ndipo inu mukugonabe pabwalo posatseka." Mawu akuti ndikufuna iwe, osati khoma, anafika pakhosi pano. Koma bambo wa imvi anganene bwanji zimenezo pamaso pa mmisiri, kwa mwana amene wadzimana nsapato kuti amumangire? Ndinangoti chabwino.

Mwana wanga analowa chilimba ndi anzake a kuntchito, kuja kosonkherana ndalama n'kumalandira mosinthana, napempha kuti ayambe ndiye kulandira. Ndalama zinabwera pafoni. Za amisiri odyera anthu zija anaziiwala, poti uyu anali atamukhulupirira. Lole inabwera, njerwa zinatsitsidwa, ine ndinaziwerenga ndekha, 400 ndendende, popanda wogogoda ndi kiyi. Sabata isanathe khoma linali litandipitirira mutu. Ndinkalithirira m'mawa ndi madzulo ndi madzi ogula pa kiyosiki, ndikulitukwana chamumtima.

Mwana wanga ndinamujambulira chithunzi. Anayimba foni ali wokondwa kwambiri. Anati, "Ba tate, tsopano ndizigona tulo. Sindidzakuderaninso nkhawa." Ndinati zikomo mwanawe, wachita zazikulu. Ndipo anachitadi zazikulu.

Mwezi unatha. Sanabwere, anali kubweza chilimba. Wotsatira anali pa ntchito Loweruka. Pabwalo panali zii, ngakhale woledzera woti ndimukalipire panalibe. Ndinasungulumwa kuposa chaka chimene amake anamwalira, chifukwa nthawi ija anthu ankabwera kudzapepesa, koma munthu amene wamangiridwa khoma amupepesa ndani?

Ndiye ndinapita kwa mmisiri uja kukafunsa za pulasitala, mbali yamkati yokha. Anati mamita 20 kuchulukitsa ndi awiri ndi masikweya mita 40, thumba limodzi limamata 8, ndiye matumba asanu, K750. Mchenga ndi manja ake K750 inanso, zonse K1,500. Ndinaganiza kuti thumba limodzi pa mwezi ndi miyezi isanu.

Ndinamuyimbira mwana wanga Lamulungu masana. Ndinamuuza mtengo, n'kunena kuti palibe changu, tikhoza kumata pang'onopang'ono monga tinkachitira, iye azibwera kudzaona. Anati, "Iyayi ba tate, musavutike n'kudikira."

Ndisanabweze foni m'thumba, inalira. Inali K1,500 yonse.